Mankhwala asanadutse pa kauntala: chipepala cha pakhoma chomwe sitolo yaing'ono ikufunika

Pa shelefu ya sitolo ya mankhwala mukhoza kupeza mapaketi awiri a LA, mankhwala a malungo aja, onse ali ndi mapiritsi 6. Mukawayang'ana patali palibe chowasiyanitsa. Koma paketi ina ndi ya mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka osakwana 15, ndipo piritsi lililonse lalembedwa 20/120. Inayo ndi ya munthu wamkulu, piritsi lake lalembedwa 80/480, kutanthauza kuti limodzi lokha likufanana ndi mapiritsi anayi a mwana uja. Wogulitsa akasokoneza, bambo wodwala malungo amabwerera kunyumba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mankhwala amene amafunikira, ndipo malungowo satha. Akasokoneza mbali inayo, khanda limamwa mlingo woposa wake kanayi. Zonsezi zingachitike mankhwalawo ali enieni, osatha mphamvu, ogulidwa kwa wopikulitsa wovomerezeka. Cholakwika chimangokhala chakuti palibe anawerenga manambala awiri olembedwa pansi pa dzina.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti sitolo iliyonse yaing'ono ya mankhwala, kaya ili pa Jenda, pa Lunzu kapena pa msika wa kumudzi, iyenera kukhala ndi chipepala chimodzi chomatidwa pakhoma, pamalo pamene maso a wogulitsa amagwera akatembenuka kuchoka pa shelefu kubwerera kwa wogula. Mwini sitolo amene anaphunzira za mankhwala mwina zonsezi amazidziwa pamtima. Komatu iye sakhala pa kauntala tsiku lonse. Amapita kukaoda katundu, amapita kumaliro, amadwala. Nthawi imeneyo wothandizira ndiye amatsala, anthu ali pamzere, wina akufuna chenji, wina mwana akulira kumsana. Chipepalacho ntchito yake ndi kugwira dzanja la munthu ameneyu pa masekondi ochepa amene paketi ili m'manja mwake.

Kuti chigwire ntchito, chiyenera kukhala chachifupi, cholembedwa m'zilembo zazikulu, m'chinenero chomwe wogulitsa amaganiziramo, ndipo mafunso ake atsatane monga mmene dzanja limatembenuzira kabokosi: kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, kenaka m'kati. Chipepala chokhala ndi mfundo 25 chimasanduka chokongoletsa khoma. Chomwe ndingamate ine ndi ichi:

MUSANAGULITSE, ONANI IZI
1. Dzina ndi mphamvu: zikufanana ndi zomwe zapemphedwa kapena zalembedwa?
2. EXP: tsiku silinadutse? Mankhwala adzatha kumwedwa lisanafike?
3. Nambala ya batchi ndi EXP: za pa bokosi n'zofanana ndi za m'kati?
4. Chitsekero, chidindo ndi timatumba ta mapiritsi: zonse n'zosabooka?
5. Maonekedwe ndi fungo: ndi mmene amakhalira nthawi zonse?
6. Wopanga ndi adiresi yake zalembedwa? Palibe chizindikiro cha boma?
7. Tili ndi chilolezo chowagulitsa? Akufuna chikalata cha dokotala?
LIMODZI LIKAKANIKA: musagulitse. Ikani m'bokosi lofiira, lembani m'buku, uzani mwini sitolo.

Mzere wotsirizawo si wongowonjezera. Wothandizira amene waona chokayikitsa koma sakudziwa chochita nacho, nthawi zambiri amangogulitsa, chifukwa wogula ali chiimire ndipo abwana kulibe. Mzerewo umamupatsa chilolezo chokana, ndipo umamuuza komwe aike paketiyo.

Funso loyamba likuoneka lophweka, koma ndi lomwe lili ndi misampha yambiri. Mankhwala ambiri ali ndi mayina awiri. Lina ndi dzina la malonda, lomwe kampani imalemba m'zilembo zikuluzikulu. Linalo ndi dzina la chinthu chenicheni chomwe chimachiza, ndipo kawirikawiri limalembedwa mwaung'ono pansi pake. Tonse timati "panado", koma chomwe chili m'kati ndi parasetamo, ndipo parasetamo yemweyo amapezekanso m'mankhwala ambiri a chimfine. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku. Akagula panado wa mutu ndi mankhwala a chimfine nthawi imodzi, n'kumamwa zonse mokwanira, angadutse malire amenewa osadziwa, ndipo chomwe chimavulala ndi chiwindi. Wogulitsa amene amawerenga dzina laling'onolo ndiye yekha angathe kunena kuti, "Bambo, awiriwa m'kati mwake muli chinthu chimodzi, musamwere limodzi."

Pa mankhwala amadzi a ana, mphamvu imalembedwa motere: 120mg/5ml. Tanthauzo lake ndi lakuti mu mamililita 5, omwe ndi kasupuni kamodzi koyezera, muli mamiligalamu 120. Khanda la makilogalamu 8 limafunika pafupifupi mlingo umenewo pa nthawi imodzi. Koma alipo mabotolo ena a parasetamo olembedwa 250mg/5ml, opangidwira ana okulirapo. Mayi amene anazolowera kupereka supuni imodzi akapatsidwa botolo lachiwirili popanda kuuzidwa, mwana amalandira mlingo woposa kawiri, ndipo izi zimabwerezedwa kangapo pa tsiku. Choncho pa mzere woyamba wogulitsa awerenge zinthu zitatu, makamaka mokweza mawu kuti wogula amve: dzina, mphamvu, ndi mtundu wake, kaya ndi mapiritsi, makapisozi, amadzi kapena odzola.

Za tsiku lothera mphamvu aliyense amati amazidziwa, koma zolakwika sizisowa. Pa paketi pamakhala masiku awiri. MFG kapena MFD ndi nthawi yomwe mankhwala anapangidwa, EXP ndi yomwe athere mphamvu. Munthu wofulumira angawerenge lina m'malo mwa linzake. Pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha, monga EXP 03/2027, mankhwalawo ndi abwino mpaka pa 31 Malichi 2027. Pakalembedwa manambala atatu osadziwika bwino kuti tsiku ndi liti, mwezi ndi uti, monga 04/09/27, ndi bwino kutenga tanthauzo lomwe likubwera msanga mpaka mutafunsa kwa wopikulitsa.

Gawo lachiwiri la funsoli ndi lomwe ambiri amaliiwala. Sikokwanira kuti tsikulo silinadutse lero. Agogo akagula mapiritsi a kuthamanga kwa magazi a miyezi itatu mu Januwale, paketi yolembedwa EXP 02 ya chaka chomwecho si yowayenera, chifukwa mwezi wachitatu adzakhala akumwa otha mphamvu. Panado wa m'nyumba nayenso amakhala m'kabati miyezi yambiri. Ndipo tsikulo lizioneka kuti linadindidwa ku fakitale. Kapepala komatidwa pamwamba pa tsiku, inki yofufutika pamalo amenewo pokha, kapena manambala okandika ndi lezala, zonsezi ndi zifukwa zokwanira kuti paketi ipite m'bokosi lofiira.

Tsopano tifike pa funso lachitatu, lomwe kwa ine ndilo mtima wa chipepala chonsechi. Fakitale sipanga mankhwala limodzilimodzi. Imasakaniza mulu waukulu nthawi imodzi, ndipo chilichonse chochokera mu mulu umenewo chimapatsidwa nambala imodzi, yolembedwa pambuyo pa mawu akuti Batch No., B.No. kapena Lot. Nambala imeneyi imadindidwa pa kabokosi, imadindidwanso pa kapepala kalikonse ka mapiritsi kali m'katimo, kawirikawiri kumapeto kwake, nthawi zina mosindikiza popanda inki moti muyenera kupendeketsa kapepalako pa kuwala kuti muione. Wopikulitsa wolongosoka amailembanso pa invoisi. Malo atatu amenewa ayenera kunena chinthu chimodzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina walowa m'sitolo kufuna panado wa mwana wake wamkulu amene mutu ukumupweteka. Wothandizira watenga kabokosi ka timapepala 10, kalikonse ka mapiritsi 10, komwe kanatsegulidwa kale. Kutsogolo kwalembedwa parasetamo 500mg, ndipo ndi zomwe mayiyo akufuna. M'mbali mwalembedwa batchi `PT4417`, EXP 08/2027. Wogulitsa amene amangoona bokosi apa ndiye kuti wamaliza. Koma chipepala cha pakhoma chikumuuza kuti asolole kapepala n'kuona kumapeto kwake. Kapepala koyamba kakuti `PT4417`. Kachiwiri, komwe kanali pansi, kakuti `PT2903`, ndipo EXP yake inadutsa miyezi ingapo yapitayo.

Apa pangakhale patachitika zinthu zitatu. Mwina wina m'sitolo momwemo, posesa shelefu, anatenga timapepala totsala m'bokosi lakale n'kutilowetsa m'latsopano kuti pasachuluke mabokosi. Ichi ndicho chimachitika kawirikawiri, ndipo wochitayo sakhala ndi mtima woipa. Mwina wogula wina anabweza mankhwala ndipo analandiridwa osaonedwa. Kapena bokosilo linabwera choncho kuchokera komwe linagulidwa, kusonyeza kuti wina m'njira akulongedza katundu wakale m'mabokosi atsopano. Kuti mudziwe chomwe chachitika, tsegulani bokosi lina la katoni yomweyo lomwe linali lisanatsegulidwe, ndipo onani invoisi. Ngati mabokosi osatsegula ali bwino, vuto ndi la m'nyumba, ndipo mankhwala ake ndi lamulo limodzi: timapepala ta bokosi lina tisamalowe m'bokosi lina. Ngati osatsegulawo alinso osakanikirana, katoni yonse iime, wopikulitsa auzidwe, ndipo nkhaniyo ifike ku bungwe loyang'anira mankhwala. Mayi uja pakadali pano wapatsidwa kapepala ka `PT4417`, wadikira mwina theka la mphindi kuposa masiku onse.

Pali chizolowezi china chomwe chimapha funso lachitatuli, ndicho kudula timapepala ndi sizasi. Anthu ambiri sagula mapiritsi 10, amagula awiri kapena anayi malinga ndi ndalama yomwe ali nayo, ndipo palibe cholakwika pamenepo pa mankhwala ngati panado. Koma ngati woyamba kugula wadulidwira mbali yomwe ili ndi chidindo, kotsalako kamakhala kopanda nambala, kopanda tsiku, mwinanso kopanda dzina lathunthu. Kakangotuluka m'bokosi mwake palibe angadziwenso kuti n'kachani. Njira yake ndi kuyamba kudula kuchokera kumapeto kopanda chidindo, kuti mbali yolembedwayo ikhale yomalizira kugulitsidwa, ndipo kotsalako kabwerere m'bokosi mwake nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ndi mapiritsi a m'chitini cha 1,000 omwe amawerengedwera m'timatumba: pa kathumba palembedwe dzina, mphamvu, kamwedwe, nambala ya batchi ndi EXP. Kulemba "2 x 3" pokha si kulemba. Ndipo njira yogulitsa pang'onopang'onoyi isafike pa LA kapena pa mankhwala opha tizilombo monga amokisisilini, omwe ayenera kumwedwa onse mpaka kutha.

Funso lachinayi ndi la zala osati maso okha. Botolo la mankhwala amadzi limakhala ndi kamkombero pansi pa chitsekero komwe kamaduka likatsegulidwa koyamba. Kamkomberoko kakhale kosaduka, ndipo m'khosi mwa botolo musakhale nakanaka ndi shuga wouma. Pa timapepala ta mapiritsi, yendetsani chala kumbuyo kwake. Kabowo kakang'ono ngati ka singano n'kokwanira kulowetsa chinyezi.

Chachisanu ndi pamene nyengo yathu imalowerera. Pa mapaketi ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 30, ena 25. EXP ija ndi lonjezo la fakitale lomwe limagwira ntchito pokhapokha lamulo limeneli litatsatidwa. Ku Nsanje, ku Chikwawa ngakhale m'mbali mwa nyanja, mu Okutobala ndi Novembala kunja kokha kumatentha kuposa pamenepo, ndiye kuli bwanji pa shelefu yapamwamba, pansi pa denga la malata lopanda siling'i? Mankhwala angathe kufooka tsiku lawo lisanakwane, ndipo ena amadziulula. Asipirini wolowa chinyezi amanunkha ngati viniga. Makapisozi amafewa n'kumatirirana. Mapiritsi amachita mawanga, amasweka kapena kusiya ufa m'kathumba kawo. Thanzi ORS wabwino amayenda waawaa mukagwedeza paketi, wolowa chinyezi amaundana kukhala chibuma. Ufa wa amokisisilini wa ana uyenera kugwa momasuka mukatembenuza botolo, usamakakamire pansi. Mafuta odzola akalekana, madzi kwina mafuta kwina, ndiye kuti aonongeka. Zofunika furiji, monga insulini, zimalembedwa 2–8°C, ndipo sitolo yomwe ilibe njira yosunga kuzizira magetsi akathima isamasunge zimenezi n'komwe. Koma ndinene mosabisa kuti mankhwala ambiri amafooka ndi kutentha popanda kusintha maonekedwe. N'chifukwa chake pambali pa chipepalachi payenera kupachikidwa choyezera kutentha, ndipo shelefu ikhale kutali ndi zenera ndi denga.

Pa funso lachisanu ndi chimodzi, paketi yeniyeni imanena amene anaipanga ndi komwe ali. Ikangolemba dziko lokha, kapena osalemba kanthu, ndi yokayikitsa. Mawu olakwika kalembedwe, zilembo zosaoneka bwino, mtundu wa bokosi wosiyana ndi wa masiku onse, ndi mtengo wotsika modabwitsa kuchokera kwa munthu wobwera ndi chikwama, zonsezi ziyenera kuimitsa dzanja. Ndi nzeru kusunga kabokosi kopanda kanthu kamodzi ka mankhwala aliwonse ogulitsidwa kwambiri, kochokera kwa wopikulitsa wodalirika, kuti muziyerekeza nako katundu watsopano mbali ndi mbali. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti pa mankhwala 10 aliwonse a m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, pafupifupi amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo, ndipo a malungo ndi opha tizilombo ndiwo amapezeka kwambiri m'gulu limeneli. Amenewatu ndi mankhwala omwe anthu athu amafuna tsiku ndi tsiku.

Pamzere womwewo pali nkhani ya chizindikiro cha boma. Paketi yokhala ndi zilembo MG, kapena mawu osonyeza kuti ndi katundu wa boma wosagulitsa, inagulidwa kuti iperekedwe kwaulere kuchipatala. Ikapezeka m'sitolo ndiye kuti inabedwa, ndipo pali wodwala wina amene anauzidwa kuti mankhwala atha chifukwa cha paketi imeneyo. Wogulitsa amene waisunga angamangidwe. Palinso china: katundu wakuba sayenda m'njira yosamalika, amabisidwa m'matumba ndi m'madenga, ndipo palibe angakuuzeni kuti wakhala pa dzuwa masiku angati. Malo ofufutidwa kapena odulidwa pa bokosi pomwe chizindikirocho chimakhala akunena nkhani yomweyo.

Funso lomaliza limadalira chiphaso cha sitoloyo. Ku Malawi ziphaso zimaperekedwa ndi bungwe la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bungwe lakale la PMPB, ndipo ku Zambia ntchito yomweyi ili m'manja mwa ZAMRA. Mankhwala amagawidwa m'magulu: ena angagulitsidwe ngakhale m'golosale, ena m'malo a mankhwala okha, ena pokhapokha pali chikalata cha dokotala, ndipo awa pa mapaketi ambiri amalembedwa POM. Sitolo yaing'ono siloledwa kusunga zonse zomwe famase yaikulu imasunga. Mwini sitolo alembe pansi pa chipepalacho mayina a mankhwala omwe wothandizira sayenera kupereka payekha, chifukwa wogula wokakamira amadziwa kusankha nthawi yomwe abwana achokapo.

Ndiyenera kunenanso chomwe chipepalachi sichingachite. Sichiona m'kati mwa piritsi. Mu Okutobala 2022, WHO inachenjeza dziko lonse za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine a ana, opangidwa ndi kampani ina ya ku India, omwe anagulitsidwa ku Gambia. Munali madzi apoizoni a m'mafakitale omwe amaononga impso, ndipo ana pafupifupi 70 anamwalira. Mabotolowo anali otseka bwino, ali ndi dzina la wopanga, tsiku lawo lisanathe. Wogulitsa wosamala kwambiri akanawaona n'kuwavomereza. Poizoni wotere amapezeka ku labotale kokha.

Komabe ngakhale pamenepa, funso lachitatu lija ndilo limapulumutsa otsala. Chenjezo likatuluka, limatchula dzina la mankhwala, wopanga ndi nambala za batchi. Sitolo yomwe imalemba nambala zimenezi polandira katundu imatsegula buku, n'kudziwa nthawi yomweyo ngati ili nawo, mabotolo angati analowa, angati atuluka, ndipo anachokera kwa yani. Sitolo yomwe sinalembe, yomwe inasakaniza mabokosi ndi kugula kwa munthu wopanda lisiti, imangoima n'kumaganizira. Choncho chipepala cha pakhoma chimagwiritsidwa ntchito kawiri: mokwanira tsiku lomwe katoni yafika, mwini sitolo ali pomwepo ndi invoisi m'manja, ndiponso mwachangu nthawi iliyonse paketi ikamapita kwa wogula, chifukwa pakati pa masiku awiriwa pamadutsa miyezi ya kutentha, chinyezi, mbewa ndi manja ambiri.

Bokosi lofiira lija likhale lotsekeka, lolembedwa kuti "Osagulitsa", ndipo likhale kutali ndi shelefu kuti wina asadzatengemo tsiku lomwe katundu wachepa. Chilichonse cholowamo chilembedwe m'buku: tsiku, dzina ndi mphamvu ya mankhwala, nambala ya batchi, EXP, kuchuluka kwake, komwe anagulidwa, ndi funso lomwe anakanika. Otha mphamvu ndi oonongeka asatayidwe kudzala, komwe ana ndi otola angawapeze, ndipo asaperekedwe kwa wina kuti akagulitse motchipa. Mwini sitolo afunse kwa wopikulitsa kapena ku PMRA za njira yovomerezeka yowaonongera. Okayikitsa kuti ndi achinyengo asungidwe ndi bokosi lawo lomwe pamodzi ndi lisiti, ajambulidwe pa foni mbali zonse kuti nambala ya batchi izioneka, ndipo asabwezedwe mwakachetechete kwa amene anawabweretsa, chifukwa iye adzangopita nawo ku sitolo yotsatira. Apite nawo kwa oyang'anira mankhwala kapena kwa woona za mankhwala wa pa chipatala chachikulu cha m'bomalo.